Akuti ndisayine bonasi ya bwana wamkulu mabuku asanaunikidwe

Nachisale wa pa Makawa: Moni nonse a pagulu. Ndabwera ndi nkhani imene yandisowetsa tulo. Ena mukudziwa kuti ndili ndi masheya pang'ono m'kampani ina ya nsomba konkuno, dzina lake ndisatchule. Timagula usipa ndi chambo m'madoko, tili ndi makina a ayisi, chipinda chozizira ndi malole awiri opita ku Limbe ndi ku Lilongwe. Eni masheya tilipo 43, koma mdala amene anaiyambitsa ali ndi maperesenti 55 payekha, ndipo ndiye wapampando wa bodi. Woyendetsa kampani tsiku ndi tsiku ndi mphwawo, mwana wa mlongo wawo. Chaka chatha anzanga a masheya ochepa anandisankha kuti ndikawaimirire m'bodi, ndipo nditangolowa anandiponya mu komiti ya malipiro. Tsopano dzulo andibweretsera pepala kunyumba kuti ndisayine. Akuti kampani yapanga phindu la K184 miliyoni, ndiye bwana wamkulu alandire bonasi ya K9.2 miliyoni monga mwa kontirakiti yake, ndipo mkulu wa zachuma alandire K1.84 miliyoni. Koma oodita, ounika mabuku ochokera kunja kwa kampani, sanamalize ntchito, akuti mwina mwezi wamawa. Ine sukulu ya mabuku a ndalama sindinapiteko. Ndisayine?

Che Mjomba: Anachisale, pepalalo lakupezani kunyumba? Msonkhano osachita? Amenewo akudziwani kuti ndinu ofatsa.

Nachisale wa pa Makawa: Anabwera nalo ndi dalaivala wa kampani, Che Mjomba, ati ena awiri asayina kale, kwatsala ine. Ndinamuuza kuti magalasi anga ndawaiwala kumsika.

Bambo a Tamanda: Mwachita bwino kuwaiwala magalasiwo, mayi, ndipo asapezeke msanga. Ndisananene zambiri ndifunseko zitatu. Awiri amene asayinawo ndi ndani? Kontirakitiyo ikuti bonasi imawerengedwa pa phindu liti, la m'mabuku a muofesi kapena limene oodita atsimikiza? Ndipo kodi komiti ya oditi ilipo?

Nachisale wa pa Makawa: Mu komiti ya malipiro tilimo atatu: ine, bwana wamkuluyo mwini wake, ndi bambo wina amene anapuma ntchito kubanki. Bamboyo amamutcha dayilekitala woima payekha, ndipo ndiyenso wapampando wa komiti ya oditi. Mu komiti ya oditi alimo iyeyo, mkulu wa zachuma, ndi mayi wina akauntanti wa ku Zomba amene analowa zaka zitatu zapitazo. Kontirakiti ndaiona. Ikuti bwana alandire maperesenti 5 a phindu msonkho usanachotsedwe, ngati phindulo lapitirira K100 miliyoni. Likachepera pamenepo salandira kanthu. Sinanene kuti mabuku ake ati.

Bambo a Tamanda: Zikomo. Ndagwira ntchito younika mabuku a makampani kwa zaka zambiri ndisanabwerere kuno ku Namiasi, ndiye ndilankhula monga ndinkaonera. Pa zimene mwanenazi pali zinthu ziwiri zopindika musanafike n'komwe pa ndalama.

Choyamba, bwana wamkulu wakhala mu komiti yoweruza malipiro ake omwe, wasayinanso. Komiti ya malipiro inakhazikitsidwa pofuna kuthetsa zimenezo basi. Bwana angathe kubwera kudzafotokoza za malipiro a antchito amene ali pansi pake, chifukwa ndiye amawadziwa, koma nkhani ikafika pa iye amayenera kutuluka m'chipinda, ndipo maminitsi alembe kuti anatuluka nthawi yakuti, anabwerera nthawi yakuti.

Chachiwiri n'chimodzimodzi. Mkulu wa zachuma ndi amene amalemba mabuku, ndiye mwamuikanso mu komiti yoyang'anira ngati mabukuwo alembedwa moona. Pamwamba pa izo nayenso akudya pa phindu lomwelo. Iye amayenera kuitanidwa kudzayankha mafunso, osati kukhala ndi voti.

Tsono onani mmene makomiti awiriwa amalumikizanirana. Komiti ya malipiro ilibe nambala yakeyake. Imadikira nambala kuchokera ku komiti ya oditi. Inu mukasayina lero, mwavomereza K184 miliyoni imene palibe munthu aliyense wa kunja kwa ofesiyo amene waiyang'ana, ndipo amene anaiwerengera ndi anthu awiri omwewo amene akulandira bonasi.

Kamnyamata ka ku Malindi: Ine ndili chaka chachiwiri cha akaunti. Mmene tinaphunzirira, komiti ya oditi ndi imene imaunika mabuku. Ndiye mayi angouza komitiyo kuti iunike msanga sabata ino, malisiti onse, basi nkhani yatha. Kudikira oodita a kunja n'kutaya nthawi.

Bambo a Tamanda: Mwana wanga, wagwira mchira koma mutu wakuphonya. Komitiyo siikhala pansi n'kumatembenuza malisiti. Anthu atatu okumana kanayi pachaka angathe bwanji malisiti a ayisi a chaka chathunthu? Ntchito yawo ndi kukhala pakati pa oodita ndi oyendetsa kampani. Amaona kuti odita ndi ndani ndipo alipidwa zingati, n'kupereka maganizo awo ku bodi ndi kwa eni masheya. Amakumana naye asanayambe ntchito kuti amuuze malo amene akuwakayikira. Akamaliza amamva zimene wapeza. Chachikulu kuposa zonse, amakhala naye kanthawi paokha, bwana wamkulu ndi mkulu wa zachuma atatuluka. Odita ndi munthu, amafuna adzapatsidwenso ntchito chaka chamawa. Ngati womulemba ntchito ndi womusayinira cheke ndi yemweyo amene akumuunika, pali zina zimene sadzanena pamaso pake.

Che Mjomba: Bambo a Tamanda, ndimakulemekezani, koma ife a kunyanja kuno timawaona anthu a mabodiwa. Mwezi ndi mwezi amadzaza malo ogona alendo kuyambira ku Nkopola mpaka ku Monkey Bay. M'mawa tiyi, masana chambo, madzulo alawansi m'thumba, pobwerera agula nsomba zouma pamsewu. Woima payekha? Amaima payekha pamzere wa chakudya basi. Mbuzi imadya pomwe aimangirira.

Abiti wa pa Boma: Che Mjomba mwandiseketsa, koma si onse. Ine ndinalembapo maminitsi a bodi ina zaka zisanu ndi chimodzi. Ndinaona amene amatsegula envulopu ya mapepala msonkhano utayamba kale, selotepi ikulira m'chipinda. Koma ndinaonanso mayi wina amene ankabwera mapepala atawalembalemba ndi pensulo m'mbali. Mayi ameneyo akangoti "pepani wapampando, tibwerere patsamba 14," mkulu wa zachuma ankayamba kumwa madzi. Munthu mmodzi yekha wotero amasintha chipinda chonse, chifukwa muofesi amayamba kukonzekera mafunso ake mwezi usanathe.

Bambo a Tamanda: Che Mjomba sakunama kwenikweni. Kampani ya Enron ya ku Amerika itagwa mu 2001, wapampando wa komiti yake ya oditi anali pulofesa wa akaunti amene anatsogolerapo sukulu ya zamalonda ya ku Stanford. Maphunziro analipo. Koma oodita awo, a Arthur Andersen, m'chaka cha 2000 analandira madola pafupifupi 25 miliyoni pa ntchito younika mabuku ndi ena pafupifupi 27 miliyoni pa ntchito zina zaulangizi kukampani yomweyo. Odita wotero angamukwiyitse kasitomala? N'chifukwa chake lamulo la Sarbanes-Oxley la 2002 linalamula kuti m'makampani ogulitsa masheya pamsika kumeneko, onse a mu komiti ya oditi akhale oima paokha, ndipo komitiyo ndiyo izilemba odita ntchito ndi kumuyang'anira, osati bwana wamkulu. Kuno kwathu tili ndi lamulo la makampani la 2013 ndi ndondomeko ya Malawi Code II ya 2010, imene maganizo ake ndi omwewo, ngakhale kuti kakampani ngati ka mayi Nachisale sikapanikizidwa ngati mabanki amene Rizevu Banki imawalondalonda.

Ndiye funso limodzi mukafunse, mayi: oodita anuwo amangounika mabuku, kapena ndi omwewonso amathandiza kuwalemba? M'makampani ang'onoang'ono zimachitika kwambiri. Ngati ndi choncho, akuchonga mayeso amene alemba okha.

Aphunzitsi a ku Namwera: Nkhani imeneyi ndi yofanana ndi ya ku Sako yathu ya aphunzitsi. Ife tili ndi komiti yoyang'anira imene imasankhidwa ndi mamembala pamsonkhano wa pachaka, osati ndi bodi, ndipo lipoti lake imaliwerenga kwa mamembala. Chaka china inapeza kuti wina wa m'bodi anali ndi ngongole ziwiri, ina m'dzina la mkazi wake, miyezi isanu osabweza. Ndiye mayi Nachisale angoitanitsa mamembala onse, muvote, amene akufuna bonasi akweze mkono. Anthu 42 mungalephere mdala mmodzi?

Abiti wa pa Boma: Aphunzitsi, ku Sako munthu mmodzi voti imodzi. Kukampani amawerenga masheya. Anthu 42 akhoza kukweza manja onse awiri, mdalayo akangopempha kuti awerenge malinga ndi masheya, maperesenti 55 ake apambana.

Aphunzitsi a ku Namwera: Ooh, ndiye n'zovuta. Pamenepo ine ndakhala pansi.

Nachisale wa pa Makawa: Ndiye ndichite chiyani chenicheni, Bambo a Tamanda? Kukana kokha andiona ngati wanjiru. Mdalayo ndi amene anandigulira firiji yanga yoyamba pangongole, ndisabise.

Bambo a Tamanda: Simukukana, mukupempha kuti zinthu ziyende mwa dongosolo lake. Lembani kakalata kwa mlembi wa bodi, kaulemu, kuti mukupempha komiti ya malipiro ikumane oodita akamaliza ndiponso komiti ya oditi ikalandira lipoti lawo. Kenako muimbireni mayi wa ku Zomba uja, poti ali mu komiti ya oditi, mumupemphe aitanitse zinthu zitatu.

Choyamba, mndandanda wa onse amene anatenga nsomba pangongole, wosonyeza kuti ngongole iliyonse yakhala nthawi yaitali bwanji: yosakwana mwezi, ya miyezi itatu, ya miyezi isanu ndi umodzi, yopitirira chaka. Pambali pake alembe kuti aliyense wabwezapo zingati chitsekereni chaka. Pa malonda a nsomba phindu labodza limabisala pamenepa. Lole ikatsitsa katundu ku Limbe, muofesi amalemba kuti tagulitsa, phindu n'kukwera pompo, ndalama isanalowe ngakhale tambala. Ngati wogulayo sadzalipira, phindulo linali la papepala chabe.

Chachiwiri, mapepala owerengera katundu wa m'chipinda chozizira pa tsiku lotseka chaka. Anawerenga ndani, odita analipo, ndipo anatsegula makatoni kapena anangowerenga kunja? Nsomba si simenti. Katoni ikhoza kukhala yodzaza koma mkati mwake muli za nkhumba.

Chachitatu, mainvoisi onse akuluakulu amene analembedwa m'mabuku mwezi woyamba wa chaka chatsopano. Muone ngati mulibe za chaka chathachi zimene azikankhira kutsogolo. Dizilo amene anapsa mu Disembala ndi wa Disembala, ngakhale invoisi ifike mu Januwale.

Pemphaninso kalata imene oodita analembera oyendetsa kampani chaka chatha. Kupatula lipoti limene limawerengedwa pamsonkhano wa eni masheya, oodita amalemba kalata ina yofotokoza zofooka zimene anaona. Kalata imeneyo imayenera kufika ku komiti ya oditi, koma kawirikawiri imathera m'dirowa.

Kamnyamata ka ku Malindi: Koma mayi Nachisale nawonso ndi oima paokha eti? Poti sagwira ntchito muofesimo. Ndiye angolowa okha mu komiti ya oditi m'malo mwa mkulu wa zachuma uja.

Bambo a Tamanda: Kusagwira ntchito muofesi ndi chinthu china, kuima pawekha ndi chinthu chinanso. Mayi, ndikufunseni pagulu pompano, musakhumudwe: inu mumagulitsako nsomba kukampaniyi?

Nachisale wa pa Makawa: Eya, usipa wanga wambiri umapita komweko. Chaka chatha unakwana mwina K20 miliyoni. Kodi n'kulakwa?

Bambo a Tamanda: Si kulakwa, koma ndiye kuti simuli woima payekha. Tsiku limene bodi idzakambirane mtengo wogulira usipa padoko, mtima wanu udzakhala pawiri, ndipo bwana wamkulu akafuna kukulangani angathe kungosiya kukugulani. Lamulo limafuna kuti dayilekitala aulule phindu lililonse limene ali nalo pa malonda a kampani. Ulurani nokha, zilembedwe, asanakuululeni ena. Mukayamba kufunsa za bonasi, chinthu choyamba chimene adzakuponyereni ndi chimenechi.

Woima payekha weniweni ndi amene sanagwirepo ntchito pakampaniyo posachedwapa, si m'bale wa oyendetsa kapena wa mwini masheya ambiri, sachita nayo malonda, ndipo salandirako china kupatula ndalama ya ukomiti. Nanga bambo wa kubanki uja wakhala m'bodi zaka zingati?

Nachisale wa pa Makawa: Chiyambire, zaka 12. Ndipo malole athu amagona pa puloti yake, kampani imalipira lendi mwezi ndi mwezi. Amapemphera limodzi ndi mdala uja.

Che Mjomba: Tsabola wakale sawawa.

Bambo a Tamanda: Kupemphera limodzi si mlandu, kuno tonse timakumana kumzikiti, kutchalitchi ndi kumaliro. Koma lendiyo ndi nkhani. Za zakazo, ku Britain ndondomeko yawo imati munthu akapitirira zaka 9 m'bodi, bodi ifotokoze chifukwa chimene ikumuonerabe ngati woima payekha. Si kuti munthu amasanduka wakuba m'chaka chakhumi ayi. Kungoti zambiri zimene akuyenera kuzifunsa lero anazivomereza yekha kale, ndiye kuzifukula n'kudzitsutsa.

Abiti wa pa Boma: Apa pokha ine nditsutseko pang'ono. Ku Britain anthu odziwa mabuku ali mbwee. Kuno munthu womvetsa mabuku a ndalama, womvetsanso kuti mwera ukaomba sabata ziwiri nsomba sizibwera, wosakhala pachibale ndi aliyense, mum'peza kuti? Mukachotsa wa zaka 12 mudzatenga wa ku Blantyre amene sadziwa kusiyana kwa utaka ndi kambuzi, ndiye muofesi azidzamunamiza mosavuta kuposa wakaleyo.

Bambo a Tamanda: N'zoona, Abiti, sindikuti achotsedwe m'bodi. Akhale, nzeru zake n'zofunika. Koma asamatchedwe woima payekha, ndipo upampando wa komiti ya oditi aupereke kwa mayi wa ku Zomba.

Abiti wa pa Boma: Mayiyo atatha zaka 9 tidzakambirananso.

Nachisale wa pa Makawa: Abale, ndabweranso patatha masabata atatu. Kalata ija ndinalemba. Mayi wa ku Zomba nditamuimbira anati nayenso za bonasizo sankazidziwa, ndipo kalata ya oodita ya chaka chatha sanaionepo. Anaiitanitsa kwa oodita eni ake. Muli mfundo zisanu ndi ziwiri, ndipo yachiwiri ikunena za ngongole zakale zosatoleredwa. Ndiye kuti anachenjeza kale chaka chatha.

Lachiwiri komiti ya oditi inakumana, ine anandilola kukhalapo ngati womvera. Mayiyo anapempha kuti mkulu wa zachuma atuluke kaye. Kunali chete, mpaka bambo wa kubanki anati "tulukani pang'ono achimwene, ndi mwambo chabe." Atatuluka, mayiyo anafunsa odita funso limodzi: ndi pati pamene mwatsutsana ndi a muofesi, ndipo anagonja ndani? Mnyamatayo anayamba wayang'ana kuchitseko, kenako anatulutsa pepala m'chikwama.

Ndikulembereni monga ndinakopera. Ngongole zonse za ogula ndi K130 miliyoni. Mwa izo K70 miliyoni yapitirira chaka. Wogula mmodzi wa ku Limbe ali ndi K46 miliyoni ndipo shopu yake inatsekedwa. Oodita akuti K58 miliyoni ichotsedwe pa phindu, poti pa K70 miliyoni ija ndi K12 miliyoni yokha imene eni ake akubwezako pang'onopang'ono. Nsomba za m'chipinda chozizira anazilemba K38 miliyoni, koma mu Novembala magetsi atazima jenereta inafa masiku atatu, ndipo zambiri zinangogulitsidwa mu Januwale kwa oweta nkhumba ndi nkhuku. Zonse pamodzi zinabweretsa K12 miliyoni, ndiye K26 miliyoni ichoke. Ndipo dizilo wa K15 miliyoni wa mu Disembala analembedwa mu Januwale, ndendende mmene munanenera.

Kamnyamata ka ku Malindi: 58 kuphatikiza 26 kuphatikiza 15 ndi 99. Kuchotsa pa 184 kutsala K85 miliyoni. Ndiye bonasi ndi maperesenti 5 a 85, K4.25 miliyoni.

Abiti wa pa Boma: Werenganso kontirakiti, mwana iwe. Pansi pa K100 miliyoni palibe kanthu.

Kamnyamata ka ku Malindi: Iii zoona. Ziro!

Che Mjomba: Ndiye apolisi mwawaimbira? Kumeneko n'kuba masana dzuwa likuswa mtengo.

Bambo a Tamanda: Pang'onopang'ono, Che Mjomba. Pa zitatuzo, dizilo ndi nsomba n'zosakambirana: dizilo anagwiritsidwa ntchito chaka chatha, ndipo nsomba mtengo wake weniweni unaoneka zitagulitsidwa. Zimenezo zokha zikutsitsa phindu kufika pa K143 miliyoni. Koma ngongole ndi nkhani ya chiweruzo cha munthu. Bwana angathe kunena kuti wa ku Limbe uja ali ndi nyumba, tikumusumira, theka tidzalipeza. Ndiye onani mmene masamu akukhalira. Akachotsa K43 miliyoni pa ngongole, phindu likhala K100 miliyoni ndendende. Akachotsa yochepera pamenepo, bonasi ya pafupifupi K5 miliyoni ituluka. Akachotsa K58 miliyoni monga akunenera oodita, palibe kanthu. Ndiye nkhondo yonse ikhala pa K15 miliyoni imeneyo, ndipo muone, a muofesi abwera ndi nambala yongotsala pang'ono kufika 43.

Apa m'pamene woima payekha amagwira ntchito yake. Asalandire mawu apakamwa. Afunse: wogulayo analipira komaliza liti? Kalata ya loya ilipo? Pali chikole cholembedwa, kapena nyumbayo mwangoiona podutsa? Inakhala kale chikole kubanki? Ngati mapepala palibe, nambala ya oodita iime.

Ndipo ndinenenso, vuto lina ndi kontirakitiyo. Mukamuuza munthu kuti pa K99 miliyoni sulandira kanthu koma pa K101 miliyoni ulandira K5 miliyoni, mwamukumbira nokha dzenje. Ngakhale munthu wabwino amayamba kuona wogula wothawa ngati wongochedwa. Imeneyo ndi ntchito yanu ya komiti ya malipiro, mayi.

Nachisale wa pa Makawa: Munalosera. Dzulo abwera ndi K40 miliyoni. Nanga kontirakitiyo tingaikonze bwanji? Komanso kunena zoona bwana wamkuluyu amagwira ntchito. Jenereta itafa anagona kufakitale masiku atatu. Kumumana zonse mtima ukundiwawa.

Bambo a Tamanda: Ya chaka chino simungaisinthe panokha, munasayinirana. Koma yatsopano mulembemo kuti phindu lake ndi limene oodita atsimikiza ndipo bodi yavomereza. Chotsani phompho lija, bonasi izikwera pang'onopang'ono. Gawo lina lidalire ndalama zimene zatoleredwa, osati nsomba zimene zakwera lole. Ndipo musamapereke yonse nthawi imodzi: mwachitsanzo magawo awiri mwa atatu tsopano, lotsalalo patatha chaka ngati mabuku sanasinthe. Ena amalemba kuti munthu adzabweze bonasi zikadzapezeka kuti nambala zinali zolakwika, koma ndalama imene yasanduka malata ndi fizi ya ana kuibweza n'kovuta. Kusunga n'kosavuta kuposa kulanda.

Za kumuthokoza pa jenereta, bodi ingathe kumupatsa kanthu mwa kufuna kwake, koma ilembedwe dzina lake lenileni ndi chifukwa chake, eni masheya aione. Chosayenera n'kupinda phindu kuti bonasi ituluke, chifukwa nambala yomweyo ndi imene MRA idzawerengerapo msonkho, ndi imenenso mudzagawanirepo phindu la masheya. Mudzalipira msonkho ndi kugawana ndalama imene kulibe.

Che Mjomba: Ine pamenepo ayi. Munthu wabisa kalata ya oodita chaka chathunthu, inu mukuti apatsidwe mphatso? Ndiye chaka chamawa adzabisa ziwiri.

Abiti wa pa Boma: Sitikudziwa kuti anabisa ndani, mwina ndi mkulu wa zachuma, mwina wapampando wa komiti anailandira n'kuisunga. Limenelo ndi funso loti mayi wa ku Zomba alifunse pamsonkhano, yankho lilembedwe. Anachisale, mukakumbukire kuti komiti imangopereka maganizo, chigamulo ndi cha bodi yonse. Mulipo angati?

Nachisale wa pa Makawa: Asanu ndi awiri. Mdala, mphwawo, mkulu wa zachuma, bambo wa kubanki, mayi wa ku Zomba, ine, ndi bambo wina wa ku Mpondasi amene anasankhidwa limodzi ndi ine.

Abiti wa pa Boma: Pa nkhani ya bonasi awiri olandirawo atuluke, mutsale asanu. Mukagwirizana inu, mayiyo ndi a ku Mpondasi, ndi atatu kwa awiri. Koma pa kuvomereza mabuku onse asanu ndi awiri amavota, ndiye mukhoza kugonja anayi kwa atatu pa nambala ya ngongole ija. Zikatero pemphani kuti maminitsi alembe dzina lanu kuti munakana ndi chifukwa chake, ndipo mukawawerenge asanasayinidwe. Ine ndinkauzidwa kuti ndilembe "bodi inagwirizana" ngakhale pamene anthu anatsala pang'ono kuponyerana mabotolo a madzi.

Bambo a Tamanda: Akakakamira K40 miliyoni, mpira ubwerera kwa odita. Kusiyana kwa K18 miliyoni pa phindu la msinkhu uwu si kochepa, makamaka poti ndi kumene kukutsegula bonasi. Angathe kulemba m'lipoti lake kuti sakugwirizana ndi nambala ya ngongoleyo, ndipo banki imene inakukongozani malole ikawerenga lipoti lotero imayamba kufunsa mafunso. Mdala uja angaope zimenezo kuposa mavoti anu. Koma ndisakunamizeni, mayi: ndi maperesenti 55 ake, pamsonkhano wa eni masheya angathe osamusankhanso mayi wa ku Zomba, ngakhale kusintha oodita amene. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Makampani ena amalemba m'malamulo awo kuti mipando ina ya m'bodi izisankhidwa ndi a masheya ochepa okha. Mukaone ngati mpando wanuwo unalembedwa motero kapena ndi chifundo chabe cha mdalayo.

Aphunzitsi a ku Namwera: Nanga mayi wa ku Zombayo amalandira zingati kuti azidana ndi anthu chonchi? Kwathu a komiti yoyang'anira timangowapatsa thiransipoti ndi fanta.

Nachisale wa pa Makawa: K150,000 pa msonkhano uliwonse ndi mafuta a galimoto, ngati tonsefe. Iye akuti akamuchotsa sadandaula, ntchito yake ali nayo. Ine ndi amene ndili ndi mantha. Usiku wathawu mdala anandiimbira, sanakalipe, anangofunsa za ana, kenako n'kuti "Nachisale, usipa wako chaka chino tiugula monga kale, eti?" Sindikudziwa ngati kunali kundilimbitsa mtima kapena kundikumbutsa.

Che Mjomba: Zonse ziwiri.

Nachisale wa pa Makawa: Bodi ikumana Loweruka m'mawa. Za usipa wanga ndalemba kale kwa mlembi. A ku Mpondasi foni yawo sikupezeka chiyambire Lachitatu, akuti ali ku Makanjira kumaliro. Ngati alipo wopita tsidya limenelo mawa andiuze kuseri, ndimupatsire envulopu ya mapepala awerengeretu.